Anayi sanatengedwe ntchito: ndiwalembere kalata yotani?

*Ndine mayi, mlembi wa komiti ya kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza kuno kwa Kamwendo ku Mchinji. Tinkafuna kalaliki wa kunyumba yathu yosungira mbewu, tinaitana anthu asanu ku intaviyu ndipo tasankha mmodzi. Apampando andiuza kuti ndilembere anayi otsalawo makalata. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa membala wathu, ndipo timapemphera mpingo umodzi. Ndilembe bwanji kuti amve bwinobwino kuti sanatengedwe, koma osawapweteka mtima? Anzanga ena m'komiti akuti tingokhala chete, adziwa okha.*

Mayi mlembi, mawu a anzanuwo musawatsate. Chete amapepukira komiti, koma amalemera kwa amene akudikira. Munthu akatuluka m'chipinda cha intaviyu atauzidwa kuti "tikuyimbirani", foni yake sayizimitsa, kumunda amapita nayo, ndipo nambala yachilendo ikalira amayankha mtima uli phaphapha. Taganizirani ndi nyengo imene mukulembera kalalikiyu. Msika wa soya ndi mtedza ukamayandikira, cha mu Epulo, ogula mbewu a pa Kamwendo, ku Mkanda, ku Kapiri ndi paboma onse amakhala akufuna anthu a pasikelo ndi olemba malisiti. Amene mwamusunga masabata atatu ndi chiyembekezo chopanda pake akhoza kukana malo ena podikira inu, ndipo podzazindikira adzapeza malo onse atadzaza. Mwatero mwamumana ntchito kawiri.

Kuwawa kwa kusatengedwa ntchito simungakuchotse ndi mawu, ngakhale mutalemba mwaluso chotani. Munthu anachapa malaya, analipira kabaza, anauza abale kuti amupempherere, ndiye amva kuwawa basi. Zimene zili m'manja mwanu ndi zowawa zina zimene olemba ntchito amawonjezera okha: kudikiritsa munthu, kumulembera mawu ozungulira mpaka osadziwa ngati watengedwa kapena ayi, ndi kulola kuti nkhani yake imveke kwa ena iye mwini asanaimve. Chifundo cha kalata yotereyi chagona pamenepo. Mawu otonthoza amabwera pambuyo, ndipo safunika ambiri.

Musanagwire cholembera, chigamulo chikhale chitalembedwa m'maminitsi a komiti, ndipo mapepala amene ofunsa mafunso ankalembapo malikisi akhale mu fayilo imodzi. Kalata yanu idzatsamira pa mapepala amenewo. Kenako yang'anani mmene anthu asanuwo anatsatirana. Tiyerekeze kuti malikisi onse anali 40, ndipo woyamba anapeza 34, wachiwiri 32, wachitatu 25, wachinayi 21, wachisanu 14. Atatu akumapetowo komiti singawatenge ngakhale woyamba atakana, choncho makalata awo apite sabata yomweyo, asapitirire masiku asanu ogwira ntchito kuchokera tsiku la chigamulo. Wachiwiri yekha ndiye adikire pang'ono. Mupatseni woyamba kalata yomuitana ntchito, yokhala ndi malipiro ndi tsiku loyambira, ndipo mumupatse masiku atatu oti asayine n'kubweza kope. Zimachitika kuti wosankhidwa akaona malipiro amabwerera m'mbuyo, kapena kumene akugwira amamukwezera ndalama kuti asachoke. Komiti imene inafulumira kukana wachiwiri imapezeka ikukagwada kwa munthu amene yamutsanzika dzulo, ndipo iye amayamba ntchito akudziwa kuti ndi wongotsekera dzenje. Ngati masiku atatuwo apitirira tsiku limene munalonjeza kuyankha, mutumizireni wachiwiriyo uthenga waufupi wapafoni wakuti komiti ikumalizitsa ndipo amva pofika Lachisanu. Lachisanulo amvedi.

Kalatayi ndi yantchito, osati yamchezo, ndiye ili ndi maonekedwe amene tonse tinaphunzira kusukulu: keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira, malonje, mutu, thunthu ndi mathero. Ikwane patsamba limodzi, ndipo theka la tsamba ndi lokwanira. Ilembedwe m'chilankhulo chimene munachitira intaviyu. Ngati munafunsana m'Chichewa, musasinthire ku Chingerezi pofuna kuti ioneke ya muofesi, chifukwa wolandira akakakamira pa liwu limodzi adzapita nayo kwa mnzake kuti amumasulire, ndipo chinsinsi chathera pomwepo. Nayi kalata ya munthu wachitatu uja, wa malikisi 25:

> (Dzina, keyala ndi nambala ya foni ya kopaletivi)
> (Tsiku)
>
> Bambo Uje Ujeni
> (Keyala yawo)
>
> Okondedwa Bambo Ujeni,
>
> ZOTSATIRA ZA INTAVIYU YA NTCHITO YA UKALALIKI WA KUNYUMBA YOSUNGIRA MBEWU
>
> Tikuthokoza kuti munabwera ku intaviyu Lachiwiri pa 11 Malichi. Komiti yamaliza kukambirana, ndipo tikukudziwitsani kuti simunasankhidwe pa ntchitoyi. Komiti yasankha munthu wina.
>
> Tinaitana anthu asanu pa malo amodzi. Komiti inayang'ana kwambiri luso lolemba buku la katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo inasankha amene anachita bwino koposa pa mbali imeneyi. Masamu anu a pasikelo anali olondola onse, ndipo komiti inaona zimenezo.
>
> Makope a masatifiketi anu tawabweza mu envelopu yomweyi. Ngati mungafune kumva zambiri za mmene munachitira, mukhoza kuyimbira mlembi wa komiti pa nambala ili pamwambayi pasanathe masabata awiri.
>
> Tikufunirani zabwino pamene mukufunafuna ntchito.
>
> Ndife anu,
> (Siginecha ndi chidindo)
> Wapampando, m'malo mwa komiti

Chiganizo chachiwiri ndiye mwini kalata, zina zonse ndi zoperekeza. Taonani kuti chabwera msanga, wowerenga asanafike pamzere wachinayi. Ife timaleredwa kuti nkhani yolemetsa siinenedwa pakhomo: timayamba talonjerana, tafunsana za kunyumba ndi za mvula, kenako n'kufika pachimake. Pamaso ndi pamaso mwambo umenewu umathandiza, chifukwa nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimakhala zitamuuza kale munthu kuti kukubwera zotani. Papepala palibe nkhope. Wotsegula envelopu amawerenga mizere yoyamba ngati wolandira zotsatira za mayeso, ndipo ndime yathunthu yomuyamikira imamukweza m'mwamba, n'kudzamugwetsa pa ndime yachitatu. Ndiye chithokozo chikhale chiganizo chimodzi, chigamulo chitsatire pomwepo.

Kalata imene mlembi wamtima wabwino amalemba akasiyidwa yekha imamveka chonchi: "Tikuthokozani kwambiri chifukwa cha luso lanu lalikulu limene munaonetsa. Pakadali pano zinthu sizinatheke monga tinkafunira, koma tikukuganiziranibe ndipo tidzakudziwitsani mpata ukapezeka." Mulibe bodza lalikulu m'menemo, komanso mulibe "ayi". Mawu akuti "pakadali pano" wolandira amawamva ngati "dikirani pang'ono". Mawu akuti "zinthu sizinatheke" amawamva ngati ndalama za malipiro zachedwa. Pakatha sabata abwera kuofesi kudzafunsa, ndipo mudzayenera kunena pakamwa chimene munaopa kulemba, mwina pamaso pa alimi obwera ndi matumba awo, kalaliki watsopano ali khale patebulo. Njira yoyesera kalata yanu ndi yapafupi. Phimbani dzina, perekani ndime yoyamba yokha kwa membala wa komiti amene sanaione, ndipo mumufunse kuti, "Munthuyu watengedwa kapena ayi?" Akazengereza, kapena akayankha kuti "zikuoneka ngati", lembaninso.

Pa mawu enieni a chigamulo, "simunasankhidwe" ndi abwino kuposa anzake. "Mwalephera" ndi liwu la mayeso, limaweruza munthuyo, ndipo nthawi zambiri siloona, chifukwa wa malikisi 32 sanalephere kanthu, malo ndiwo anali amodzi. "Takukanani" likumveka ngati pali mlandu. "Mwatsoka" limapereka chithunzi chakuti komiti inachita mayere, pamene inu mukufuna adziwe kuti panali muyeso. Nanga "pepani"? Kamodzi sikalakwika, koma m'chitsanzomo mulibe ndipo kalata sinaume. Akachuluka apepani, kalata imamveka ngati ya maliro, kapena ngati ya anthu amene akudziwa kuti alakwa, ndipo wolandira amaona ngati khomo lokambirana likadali lotsegula. Mawu ngati "Mulungu ali nanu cholinga" asungeni, ngakhale kwa wa mpingo wanu uja. Chigamulo chapangidwa ndi komiti, ndipo kuchiika pa dzina la Mulungu m'kalata ya muofesi kumamveka ngati kuthawa udindo.

Tsopano chifukwa, chimene ndi gawo lovuta koposa ndipo ndi pamene makomiti ambiri amadzikola okha. Ndime yachiwiri ya chitsanzocho ili ndi chifukwa chimodzi chokha, ndipo chili ndi zizindikiro zimene muyenera kuziona m'chifukwa chilichonse musanachilembe. N'chokhudza ntchitoyo, osati moyo wa munthu. Chinali pa chidziwitso chimene munamata poitana anthu, kapena chinafunsidwa kwa onse asanu mofanana. Ndipo chikupezeka papepala la malikisi, moti wina atatsegula fayilo akhoza kuloza ndi chala kuti apa Bambo Ujeni anapeza 4 mwa 10 pamene wosankhidwa anapeza 9. Tiyerekeze kuti munawapatsa onse ntchito yofanana: alembe m'buku matumba 37 a soya a makilogalamu 50 ndi thumba limodzi la makilogalamu 23 olowa m'mawa, kenako matumba 12 otuluka masana, n'kunena zotsala. Bambo Ujeni anawerengera bwino kuti zolowa ndi makilogalamu 1,873, koma zotuluka anazilemba mumzere wa zolowa ndipo buku silinagwirizane ndi zimene zili m'nyumba. Kalata sikufotokoza zonsezi. Ikungotchula mbali imene inalemera pa chigamulo, n'kusiya tsatanetsatane kwa amene angafune kuyimba foni.

Chifukwa chikhale chimodzi. Mukandandalika zinayi, wolandira adzasankha chofooka mwa izo n'kulimbana nacho, ndipo kalata yasanduka mlandu woti auyankhe. Musatchule dzina la wosankhidwa, malikisi ake, sukulu imene anaphunzira kapena kumene ankagwira ntchito. Zimenezo ndi zake, ndipo pamalo ngati Kamwendo mawu awiri okha ndi okwanira kuti anthu amuzindikire ndi kuyamba kumuyeza. Ndipo ngati komiti yanu sinalembe malikisi, inangokambirana n'kugwirizana, musapeke chifukwa pofuna kudzaza ndime. Lembani zoona zimene muli nazo: anthu anali asanu, malo anali amodzi, komiti yasankha amene inaona kuti akugwirizana kwambiri ndi zofunika pa ntchitoyi. N'chifukwa chowonda, koma sichidzakutembenukirani.

Pali zifukwa zina zimene zimalowa m'kalata zitavala malaya a chifundo. "Poona kuti muli ndi mwana wakhanda, taganiza kuti ntchito yofika mpaka usiku ikuvutani." "Ntchitoyi ndi ya pakati pa amuna onyamula matumba, ndiye kwa mayi ngati inu ingakhale yolemetsa." "Alimi athu amamasuka ndi mwana wa konkuno." "Poganizira mwendo wanu uja." Wolemba amaona ngati akufewetsa nkhani posonyeza kuti vuto si nzeru za munthuyo, koma zimene walembazo ndi umboni wa tsankho, wosayinidwa ndi kudindidwa. Lamulo la zantchito la m'dziko muno la chaka cha 2000, pa gawo 5, limaletsa kusala wantchito ngakhalenso munthu amene akungofunsira ntchito chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, dziko kapena dera lochokera, ulumali, chuma, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wosamalira banja. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsanso tsankho, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboko. Kopaletivi ikalemba kalaliki ndi bwana ngati bwana wina aliyense, malamulowa akuikhudza.

Apa ndinene mosapsatira. Cholinga sikuti muphunzire kubisa chifukwa choipa ndi mawu abwino. Mukakhala pansi kuti mulembe n'kupeza kuti chifukwa chenicheni chimene mayi wina sanatengedwere ndi mimba yake, kapena kuti mnyamata wina anasiyidwa chifukwa kwawo ndi ku Thyolo kapena ku Mzimba, vuto silili m'kalata, lili m'chigamulo. Ikani cholembera pansi, bwererani kwa apampando, ndipo komiti iwonenso malikisi makalata asanatuluke. Kusiyanitsa kwake sikovuta. Kunena kuti kalaliki azifika 6 koloko m'mawa ndi kutseka buku galimoto yomaliza ikachoka ndi zofunika za ntchito, ndipo aliyense mwa asanuwo anayenera kufunsidwa ngati angakwanitse. Kuganizira munthu kuti sangakwanitse chifukwa ali ndi khanda kapena amakhala kutali, iye atanena kuti akwanitsa, ndiko tsankho.

Chiyamikiro chili m'chitsanzomo n'chachifupi ndipo n'cha munthu ameneyo yekha: masamu ake a pasikelo anali olondola. Chiganizo chotero chimagwira ntchito kuposa ndime yonse ya "luso lanu lalikulu", chifukwa chikusonyeza kuti wina anamvetsera, ndiponso chikumupatsa chinthu choti akanene molimba mtima pa intaviyu ina. Chiyamikiro chokokomeza chimabala funso lovuta kuyankha: ngati ndinali wabwino chotero, mwandisiyiranji? Ndipo amene wafunsa funso limenelo amadziyankha yekha kuti pali wina anapereka kangachepe. Kwa wachisanu uja wa malikisi 14, ngati palibe choona choti muyamike, musapeke. Chotsani chiganizocho, thokozani chifukwa cha nthawi yake ndi ulendo wake, basi. Kalata yake idzakhala yaifupi ndi mzere umodzi koma ulemu wake ndi womwewo.

Mawu akuti "tidzakuganizirani mpata ukapezeka" m'chitsanzomo mulibe, ndipo ndi dala. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Munthu amasunga kalata yotero m'Baibulo kapena m'chikwama cha masatifiketi, ndipo chaka chamawa mukadzalemba mlonda kapena wapasikelo osamuitana, adzabwera nayo. Lonjezo limeneli ndi la wachiwiri yekha, wa malikisi 32, ndipo likhale ndi malire omveka. Mukhoza kumulembera kuti: "Munali wachiwiri mwa anthu asanu, ndipo kusiyana kunali kochepa. Mukalola, tisunga kalata yanu yofunsira ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo malo ofanana ndi awa akapezeka m'nthawi imeneyi tidzakudziwitsani kuti mudzapikisane nawo." Taonani kuti akulonjezedwa kudziwitsidwa, osati ntchito. Ngati kopaletivi imalemba anthu aganyu a pasikelo m'miyezi yogula mbewu, ndipo ndalama yake ilipo kale mu bajeti, mukhoza kumufunsa ngati angafune, koma zimenezo zikhale m'ndime yakeyake pambuyo pa chigamulo, kuti asasokoneze ganyu ndi ntchito imene anafunsira. Wachiwiriyu ndi bwinonso apampando amuyimbire foni kalata isanafike, mphindi ziwiri zokha, kunena zomwezo zimene zalembedwa.

Za mapepala: ngati munatenga masatifiketi enieni, monga ya MSCE, abwezeni m'manja mwa mwini wake ndipo asayine kuti walandira. Musawatumize ndi munthu wina. Makope nawonso ali ndi mtengo, munthu analipira pojambulitsa, ndipo akhoza kuwagwiritsa ntchito pofunsira kwina, ndiye kuwabweza ndi chifundo chogwirika. Inu sungani kalata yofunsira ntchito ndi mapepala a malikisi. Ngati munalonjeza kubweza ndalama ya thiransipoti ndipo simunapereke tsiku la intaviyu, iperekeni limodzi ndi kalatayi, ndipo mulembemo kuchuluka kwake. Munthu amene sanatengedwe amachita manyazi kubwera kudzalonjerera ndalama ya kabaza, koma saiwala.

Kafikitsidwe ka kalata kangawononge zonse zimene mwalemba bwino. Envelopu ikhale yomata, yolembedwa dzina la mwini, ndipo iperekedwe m'manja mwake. Osapatsira amfumu, osapatsira mnansi amene akupita cha kumeneko, osamata mndandanda wa "osapambana" pakhomo la nyumba yosungira mbewu. Kwa amene ali kutali, monga ku Kapiri kapena ku Mkanda, yambani mwamuyimbira foni, kenako mutumizireni chithunzi cha kalata yosayinidwa pa WhatsApp, pa nambala imene iye mwini analemba pofunsira ntchito. Kumbukirani kuti foni zambiri m'mudzi ndi za banja lonse, ndiye funsani kaye ngati mungatumize pamenepo. Pa gulu la WhatsApp la kopaletivi pasapite chilichonse chokhudza anayiwa. Ngati mukugwiritsa ntchito imelo, aliyense alandire yakeyake. Kuika onse anayi pa mzere wa `To` kapena `Cc` kumaulula kwa aliyense mayina a anzake amene sanatengedwe. Ndipo kalaliki watsopano asalengezedwe ku msonkhano wa mamembala makalata onse anayi asanafike. Tumizani pakati pa sabata, m'mawa, kuti wofuna kufunsa apeze ofesi yotsegula, osati Lachisanu madzulo.

Tifike kwa mwana wa membala uja. Kalata yake ikhale yofanana ndi za anzake m'maonekedwe, m'kutalika ndi m'tsiku lotumizira. Mtima udzakukokerani kuti muwonjezere ndime yofewa, kapena kuti muyambe mwakauza makolo ake mwaulemu kuti "akonzekere". Zonse ziwiri n'zolakwika. Ndime yowonjezera imamuuza kuti inuyo simunagwirizane ndi chigamulo, ndipo adzabwera kwa inu kuti mumuthandize kuchisintha. Kuyamba ndi makolo kumamusandutsa mwana wamng'ono, pamene anafunsira ntchito ngati munthu wamkulu; nkhaniyi ndi yake, ndipo ndi iye wosankha ngati auze makolo ndi mmene awauzire. N'chifukwa chake kalatayi ikunena kuti "komiti" ndi "ife", ndipo wosayina ndi apampando, osati inu. Si kubisala kumbuyo kwa anthu, ndi mmene zinthu zilili: munasankha monga gulu. Ngati kholo lakelo lili m'komiti, linayenera kutuluka pokambirana za ntchitoyi, ndipo maminitsi asonyeze kuti linatuluka.

Lamulungu mudzakumana nawo ndithu, ndipo mwina mayi ake adzakukokerani pambali mukatuluka m'tchalitchi. Konzekeranitu yankho limodzi, lalifupi, ndipo musalisinthe: "Amayi, nkhaniyi ndi ya komiti ndipo tamulembera mwini wake. Akafuna kumva zambiri, abwere kuofesi kapena andiyimbire, ndidzamufotokozera." Musanene kuti "ine ndinamumenyera nkhondo koma anzanga anakana". Mawu amenewo amakupulumutsani kwa mphindi zisanu, koma pofika madzulo afika kwa mamembala ena a komiti, ndipo mudzi wonse udzayamba kuwerenga kuti ndani anavotera ndani. Mwanayo mumupatse moni monga mwa masiku onse. Kumuzemba n'kumene kungamuuze kuti pali china chimene mukubisa.

Mwa anayiwo, mwina mmodzi kapena awiri adzayimba kufuna kumva zambiri, poti mwawatsegulira khomo. Ngati mukudziwa kuti simudzakhala ndi nthawi kapena mapepala oyankhira, chotsani chiganizocho m'kalata m'malo molonjeza zimene simudzachita. Akayimba, tsegulani pepala lake la malikisi ndipo mukambe zinthu ziwiri zokha, chimodzi chimene anachita bwino ndi chimodzi choti akonze, mwatsatanetsatane: "Zotuluka munazilemba mumzere wa zolowa, ndiye zotsala sizinagwirizane. Mukapeza wina wosunga buku la sitolo akuonetseni mmene mizere itatuyo imayendera, zolowa, zotuluka ndi zotsala." Mphindi khumi zakwana. Akayamba kufunsa kuti wosankhidwayo anapeza zingati, kapena kuti ndani anamupatsa malikisi ochepa, muuzeni kuti mungakambe za iye yekha. Akanena kuti pachitika zachinyengo kapena tsankho, musakangane naye pafoni ndipo musamuopseze. Mupempheni alembe dandaulo lake kwa apampando, komiti iliyankhe polemba. Ali ndi ufulu wopita ku ofesi ya zantchito paboma, ndipo ngati zafika kumeneko chimene chidzakuyankhireni ndi fayilo ija: chidziwitso cha ntchito, mafunso, malikisi, maminitsi ndi kope la kalata iliyonse, lolembedwa pakona tsiku limene inaperekedwa ndi amene anaipereka. Mlandu suola, ndiye fayiloyo isungidwe pokhoma kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, osati m'kabati imene aliyense amatsegula pofuna malisiti.

Makalata anayiwa adzafanana kwambiri, ndipo cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri pa makalata ofanana n'chaching'ono koma chopweteka: dzina la munthu wina latsalira pamalonje, "Bambo" walembedwa kwa mayi, kapena chiyamikiro cha masamu chapita kwa amene masamuwo anamuvuta. Mukamaliza kutayipa, yalani makalata onse patebulo, lililonse pambali pa kalata imene mwini wake anafunsira ntchito. Onani kalembedwe ka dzina chilembo ndi chilembo monga analembera iye mwini, onani kuti chifukwa ndi chiyamikiro zikugwirizana ndi pepala lake la malikisi, ndipo apampando asayine. Muike kalata imodzi mu envelopu yake n'kumata musanatenge ina.